Kuchoka pa koteshoni kufika pa pulofoma popanda kulembanso: zolemba za ntchito ya mu ofesi yathu

Lolemba, 5 Meyi 2025

Cholinga cha ntchitoyi ndi chimodzi: zomwe zalembedwa pa koteshoni munthu asadzazilembenso pa pepala lina lililonse mpaka katundu atatuluka pageti. Ife timagulitsa zipangizo zomangira, monga malata, penti, misomali ndi mapaipi, ndipo makasitomala athu akuluakulu ndi masukulu, mipingo ndi mabungwe omwe satulutsa ndalama popanda mapepala. Amayamba apempha koteshoni n'kukaiyerekeza ndi za ena. Akatisankha amatumiza LPO, chikalata chawo chovomereza kugula, kenako ofesi yawo ya zachuma imafuna pulofoma kuti ilembe cheke kapena itumize ndalama kubanki.

Mpaka pano koteshoni timailemba mu Excel, oda imalembedwa pamanja m'buku la kusitolo, ndipo pulofoma amailemba mayi a ku akaunti mu Word poyang'ana pepala la koteshoni. Dzina la kasitomala, TPIN yake, katundu, kuchuluka kwake ndi mitengo zimadutsa m'zala za anthu atatu, ndipo aliyense ali ndi mpata wake wosokoneza nambala.

Tasankha kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ya Odoo 17, yomwe inaikidwa kale chaka chatha kuti izisunga za sitoko. Mbali ya Sales inalipo koma palibe ankaitsegula. Lero ndangoyatsa zinthu ziwiri mu Settings ya Sales: Pro-Forma Invoice ndi Lock Confirmed Sales. Ndaikanso kuti koteshoni iliyonse izitha mphamvu pakatha masiku 14, chifukwa mitengo ya malata siikhala malo amodzi mwezi wathunthu masiku ano.

Lachitatu, 7 Meyi

Tsiku lonse lapita pa kaundula wa makasitomala, ntchito yotopetsa koma yosazembeka. Chilichonse chomwe chimatuluka pamwamba pa pepala chimachokera pa khadi la kasitomala, choncho khadilo likakhala lolakwika mapepala onse atatu atuluka olakwika mofanana. Sukulu ina ndaipeza katatu, paliponse dzina lolembedwa mosiyana pang'ono. Ndaziphatikiza. TPIN ndaika pa malo olembedwa Tax ID, ndipo ikutuluka yokha pansi pa adilesi.

Pa katundu ndaonetsetsa kuti chilichonse chili ndi VAT ya 16.5% komanso kuti mitengo yomwe ili mu kompyuta ndi yosaphatikiza msonkho. Mu Excel ena ankalemba mtengo wophatikiza kale VAT, ena wosaphatikiza, malinga ndi yemwe wakhala pampando tsikulo.

Lachisanu, 9 Meyi

Lero ndakhala pansi ndi anzanga awiri ogulitsa komanso mayi a ku akaunti kuwaonetsa njira yonse. Chomwe chinawavuta kumvetsa, ndipo ndikuona kuti ndiye mtima wa ntchito yonseyi, n'chakuti m'pulogalamuyi mulibe mapepala atatu. Muli chikalata chimodzi chokha. Ukapanga koteshoni imapatsidwa nambala, tinene S00042. Ukadina Confirm, palibe chatsopano chomwe chimabadwa kumbali ya malonda. Chikalata chomwecho chimangochoka pa Quotation Sent n'kufika pa Sales Order, nambala yake yomwe ija. Ukadina Send PRO-FORMA Invoice, pulogalamu imatenga chikalata chomwecho n'kuchisindikiza ngati PDF yokhala ndi mutu wina, wakuti Pro-Forma Invoice # S00042. Ali ngati munthu mmodzi yemwe wavala zakumunda m'mawa, zakumsika masana, zakutchalitchi Lamulungu.

N'chifukwa chake palibe cholembanso. Komanso n'chifukwa chake ukakonza mzere umodzi pa oda, pulofoma yomwe usindikize mawa idzasiyana ndi yomwe unatumiza dzulo, ngakhale nambala ili imodzi.

Mayi a ku akaunti anafunsa pomwepo kuti, "Nanga achimwene, buku langa la manambala a pulofoma lija mwalitaya? Ine ndimayambira PF 001 chaka chilichonse." Ndinawayankha kuti n'zotheka kulemba munthu wodziwa makodi kuti aike manambala apadera, koma sindikuona phindu lake. Pulofoma silowa m'mabuku a ndalama. Siiwonjezera ngongole pa dzina la kasitomala, siiwerengedwa pa malonda a mwezi, ndipo si invoyisi ya msonkho yomwe kasitomala angakaonetse ku MRA. Ntchito yake ndi kuuza wolipira kuti alipire zingati, pa chiyani, kuti. Nambala imodzi kuchokera poyambira mpaka pomaliza ikutithandiza kwambiri kuposa manambala atatu: ndalama zikalowa kubanki zitalembedwa S00042, aliyense mu ofesi akudziwa komwe angakayang'ane. Sanakhutire kwenikweni, koma avomera kuti tiyese mwezi uno.

Chinanso chomwe ndawachenjeza ndi batani la Confirm. Chifukwa mbali ya Inventory ndi yoyatsa, ukangodina pamabadwa chikalata chotulutsira katundu, cha nambala yoyamba ndi WH/OUT, ndipo katundu yemwe alipo amasungidwira kasitomala ameneyo. Kudina Confirm chifukwa kasitomala wanena pafoni kuti "mwina titenga" ndi kutsekera malata omwe wina akanagula lero ndi ndalama m'manja. Lamulo lathu ndi lakuti popanda LPO, kapena uthenga wolembedwa wovomereza, batanilo silikhudzidwa.

Lachiwiri, 13 Meyi

Koteshoni yoyamba yeniyeni yatuluka, ya sukulu ina ya mpingo yomwe ikufolera chipinda chophunziriramo. Ndikulemba manambala ake pano chifukwa ndi yomwe ndiitsatire mpaka kumapeto.

Malata 120, pa mtengo wa K28,000 limodzi, zikukwana K3,360,000. Mtengo wathu wa m'kompyuta ndi K29,500, koma abwana anagwirizana ndi ahedi kuti awachotsereko, ndiye wogulitsa anafufuta K29,500 n'kulemba K28,000 pamanja pa mzerewo. Misomali ya malata makilogalamu 25 pa K6,000, K150,000. Penti wa malita 20, zigubu 6 pa K95,000, K570,000. Zonse pamodzi K4,080,000, VAT K673,200, zolipira K4,753,200. Yapita pa imelo kudzera pa batani la Send by Email, ndipo PDF yomweyo tawatumiziranso ahedi pa WhatsApp poti ndi komwe amayankha msanga.

Nditayang'ana pepala losindikizidwa ndaona kuti palibe nambala ya akaunti yathu ya kubanki. Pa koteshoni zilibe kanthu, koma pulofoma yopanda akaunti ndi yopanda ntchito. Ndalemba dzina la banki, nthambi ndi nambala ya akaunti mu Default Terms & Conditions, kuti zizituluka pansi pa chikalata chilichonse. Pali chimodzi choti tikumbukire: mawuwa amakopedwa pa nthawi yomwe koteshoni ikupangidwa. Makoteshoni omwe analipo kale sanasinthe, ndipo ya sukuluyi ndaikamo ndekha.

Lachinayi, 15 Meyi

Malata akwera. Mtengo wa m'kompyuta tausintha kuchoka pa K29,500 kufika pa K31,000. Ndatsegula koteshoni ya sukulu ija kuti ndione ngati yakhudzidwa, ndipo ikadali pa K28,000. Mtengo ukalembedwa pa mzere umakhala pomwepo, kusintha khadi la katundu sikubwerera m'mbuyo kukagwedeza makoteshoni akale.

Lachiwiri, 20 Meyi

LPO ya sukulu yafika, ndipo lero ndi tsiku lomwe taphunzira zambiri kuposa masiku onse.

Sukulu sinatenge zonse. Komiti yawo yachepetsa malata kufika pa 100 ndi penti kufika pa zigubu 4, misomali yasiya momwemo. Pa LPO alemba okha masamu awo pogwiritsa ntchito mitengo yathu: malata K2,800,000, misomali K150,000, penti K380,000, pamodzi K3,330,000, VAT K549,450, zonse K3,879,450. Izi zimachitika kawirikawiri, mwinanso kuposa LPO yomwe imangovomera koteshoni yonse momwe ilili.

Wogulitsa anachita zomwe ndinamuphunzitsa. Anatsegula koteshoni yomwe ija, anasintha 120 kukhala 100, 6 kukhala 4, ndipo asanadine Confirm anandiitana kuti tione limodzi poti ndi yoyamba. Pansi pa sikirini panalembedwa K4,228,950. LPO ikuti K3,879,450. Kusiyana kwake K349,500.

Kupeza gwero sikunavute titagawa kusiyanako. Tikachotsa VAT pa K349,500 patsala K300,000 ndendende, ndipo K300,000 pa malata 100 ndi K3,000 pa lata limodzi, komwe ndi kusiyana kwa K31,000 ndi K28,000. Titayang'ana mzere wa malata, mtengo unali utabwerera pa K31,000. Palibe anaukhudza. Unasintha pa nthawi yomwe 120 inasanduka 100.

Umu ndi momwe Odoo 17 imagwirira ntchito, ndipo pali chifukwa chake. Mabizinesi ambiri amakhala ndi mitengo yosiyana malinga ndi kuchuluka kwa zomwe munthu wagula, wotenga 10 mtengo wina, wotenga 100 mtengo wina. Choncho ukasintha Quantity pa mzere womwe sunalembedwepo invoyisi, pulogalamu imapitanso kukafunsa mtengo woyenera kuchuluka kwatsopanoko. Imakafunsa ku Pricelist, mndandanda wa mitengo ya kasitomala, ndipo ngati kulibe lamulo lililonse lokhudza katunduyo imatenga mtengo wa pa khadi momwe ulili lero. Mtengo womwe munthu analemba pamanja suli ku malo awiriwa, ndiye umafufutika. Pa penti zinachitikanso chimodzimodzi, kungoti sitinaone kanthu chifukwa mtengo wa penti sunasinthe ndipo panalibe kuchotsera.

Choopsa chake n'chakuti cholakwika chotere chimaoneka bwino kuposa cholakwika cha pamanja. Masamu onse amagwirizana, VAT yawerengedwa molondola, pepala ndi laudongo. Pulofoma ikanapita, akauntanti wa sukulu akanaiika pambali pa LPO n'kuona kuti takweza mtengo titagwirizana kale, ndipo fayilo ikanabwezedwa kukadikira komiti ina. Zikanakhala kuti mtengo unatsika m'malo mokwera, mwina palibe akanatiuza.

Pa oda ya lero tabwezera K28,000 pamanja, nambala ya pansi yafanana ndi ya pa LPO mpaka tambala womaliza. Koma uku ndi kulembanso komwe tikuthawa kuja, ndiye takonza njira ziwiri.

Yoyamba, mtengo womwe abwana agwirizana ndi kasitomala wamkulu usamalembedwe pa mzere. Uzilembedwa mu Pricelist ya kasitomalayo ngati Fixed Price pa katundu ameneyo, ndi tsiku lothera. Ndayesa pa koteshoni yoyeserera: ndapanga Pricelist ya sukulu, malata K28,000, ndaisankha pa koteshoni, kenako ndasintha kuchuluka uku ndi uku, mtengo osasuntha. Wogulitsa wina anadandaula kuti zimenezi zikutalikitsa ntchito kwa kasitomala wobwera kamodzi. Akunena zoona, ndipo kwa otere sitikakamiza.

Yachiwiri ndi ya aliyense, kaya pali Pricelist kaya palibe: usanadine Confirm, ika LPO pambali pa sikirini, uyerekeze nambala ya pa Total ndi ya pa LPO. Zikasiyana ngakhale ndi kwacha imodzi, usapitirire. Chotsa VAT pa kusiyanako, ugawe ndi kuchuluka kwa mzere womwe wasintha, nthawi zambiri wolakwa amaonekera pomwepo. Kusiyana kukakhala kwa matambala ochepa chabe, kawirikawiri ndi nkhani ya momwe VAT yazunguliridwira, mzere ndi mzere kapena pa zonse pamodzi, ndipo apo timangomuimbira wolemba LPO kuti tigwirizane nambala imodzi.

Zitatha izi tinalemba nambala ya LPO pa Customer Reference, pansi pa Other Info. Ichi ndi chinthu chokhacho chatsopano chomwe munthu amayenera kulemba pakati pa koteshoni ndi oda. Chimatuluka pa pulofoma ngati Your Reference, ndipo maofesi ambiri a zachuma salipira pepala lomwe silikutchula LPO yawo. PDF ya LPO taiphatika pa chikalata chomwecho, kenako Confirm.

Lachitatu, 21 Meyi

Pulofoma yatumizidwa m'mawa. Ndinaisindikiza kaye kuti ndiiwerenge papepala, ndipo ndinapeza zinthu ziwiri zomwe sizinali pa koteshoni momwemu.

Tsiku lasintha. Pa koteshoni panali Quotation Date ya 13 Meyi, pa pulofoma pali Order Date ya 20 Meyi, chifukwa kudina Confirm kumalemba tsiku lomwe wadinalo. Izi n'zabwino, zikutsatira LPO m'malo moitsogolera.

Chachiwiri, tsiku lothera mphamvu lasowa. Pa sikirini ya koteshoni linalipo pa Expiration, koma pepala limalisindikiza pokhapokha chikalata chikadali koteshoni. M'chikombole chosindikizira muli lamulo ili:

```
doc.validity_date and doc.state in ['draft', 'sent']
```

Oda yotsimikizidwa siili pa draft kapena sent, ndiye mzerewo umadumphidwa. Mwa nzeru za pulogalamu n'zomveka, chomwe chavomerezedwa sichingathenso mphamvu. Koma kwa ife omwe timadikira ndalama tisanatulutse katundu, pulofoma yopanda malire ndi khomo lotsegula. Bungwe likhoza kulipira pakatha miyezi iwiri pa mtengo wakale, malata atakwera kawiri, ndipo pepala lathu lomwe likhala mboni yawo. Sindinafune kukhudza chikombolecho. Ndangowonjezera chiganizo mu Default Terms & Conditions chonena kuti mitengo ya pa pulofoma imagwira masiku 14 kuchokera pa tsiku lomwe lili pamwamba, ndipo katundu wosungidwa amamasulidwa ndalama zikapanda kufika m'masiku amenewo. Abwana achiwerenga, avomera. Pa ya sukulu, poti oda inali itatsekedwa kale, ndadina Unlock, ndaika chiganizocho, ndatsekanso.

Kutseka kumeneku ogulitsa sakukukonda. Oda ikatsimikizidwa sangasinthe mzere popanda kupeza wamkulu woti atsegule. Ine ndikukufuna ndithu, pa chifukwa chomwe ndinalemba pa 9 Meyi chija: pulofoma ndi chithunzi cha oda pa nthawi yosindikiza. Aliyense akamatha kusintha oda momwe wafunira, tsiku lina tidzapeza kasitomala ali ndi pulofoma ya S00042 yonena china, kompyuta ikunena china. Chomwe chimatiteteza ndi chakuti potumiza kudzera pa batani, PDF yomwe yapita imatsala m'mbiri ya mauthenga pa chikalatacho. Yosindikiza kudzera pa Print n'kupereka pamanja siisiya chizindikiro chotere. Choncho ngakhale kasitomala afune ya pa WhatsApp, tiziyamba tatumiza pa imelo, kenako n'kutenga PDF yomweyo.

Lachisanu, 23 Meyi

Vuto laling'ono kwa kasitomala wina, kontilakitala yemwe amalipira theka poyamba. Wogulitsa anabwera akuti batani la pulofoma lathawa. Nditayang'ana, anali atadina kale Create Invoice n'kusankha Down payment ya 50%. Imeneyo ndi invoyisi yeniyeni, ya mbali ya akaunti, ndipo oda ikangokhala ndi invoyisi batani la Send PRO-FORMA Invoice silionekanso. Mwamwayi inali ikadali pa Draft, sinalowe m'mabuku, ndiye mayi a ku akaunti anaifufuta ndipo batani linabwerera.

Tagwirizana motere. Pulofoma imaonetsa ndalama zonse za oda, ndipo zoti theka lilipiridwe poyamba zizinenedwa pa Payment Terms, zomwe zimatulukanso pansi pa pepala. Batani la Create Invoice ndi la ku akaunti kokha, ogulitsa asalikhudze.

Lachitatu, 28 Meyi

Ndalama za sukulu zalowa, K3,879,450, ndipo pa uthenga wa kubanki alembapo nambala ya oda yawo. Mnyamata wa kusitolo watsegula WH/OUT yomwe inabadwa pa 20 Meyi, wapeza malata 100, misomali makilogalamu 25, penti zigubu 4, wakweza pa lole n'kudina Validate. Buku lake la oda sanalitsegule. Mayi a ku akaunti adina Create Invoice pa oda yomweyo, asankha Regular invoice, mizere yonse yabwera ndi mitengo yake pamodzi ndi nambala ya LPO. Invoyisi yokhayo ndi yomwe yatenga nambala yakeyake yoyamba ndi INV, ndipo apa iwo anamwetulira pang'ono chifukwa manambala otsatizana omwe ankawafuna aja ali pomwe akufunikadi. Lisiti ya msonkho ikutulukabe pa makina a EFD monga kale, ndipo apo nambala zikulembedwabe pamanja. Pa ulendo wonse wa chikalatachi ndi malo okhawo omwe atsala.

Zomwe zatsala sabata yamawa ndi ziwiri. Makoteshoni omwe akadali ndi mphamvu mu Excel alowetsedwe, koma okhawo omwe tikuyembekezera LPO yake, enawo afere komweko. Komanso ndiyatse Customer Addresses, chifukwa pali mpingo wina womwe katundu amapita ku Mchinji pomwe wolipira ndi likulu lawo ku Lilongwe, ndipo pulofoma iyenera kuonetsa adilesi zonse ziwiri, ya wolipira payokha ndi ya kolandirira katundu payokha. Ndiyesa kaye pa koteshoni yoyeserera Lolemba ndisanawauze ogulitsa.